Kalata yotseguka kwa eni mafakitale ocheka matabwa mu Harare

Kwa inu mabwana, eni mafakitale ocheka matabwa, mamanijala ndi akapitawo a ku Msasa, Workington, Southerton, Willowvale ndi kwina konse kumene macheka amalira mumzinda muno,

Ndikupatsani moni mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine wonola macheka, mwana wa anthu amene anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963 kudzafuna ntchito kuno. Ambiri mwa anyamata amene akukusenzerani matabwa ndi adzukulu a anthu omwewo, ndiye ndalemba m'Chichewa kuti nawonso amve, awerengerane pa nthawi ya nkhomaliro. Dandaulo langa ndi la makina amene amadziyatsa okha magetsi akabwera, ndi chizolowezi chotuma anthu kukakonza makinawo magetsi atathima, ngati kuti kukhala chete kwake ndiye kuti athima.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika pa fakitale ina, imene sinditchula dzina chifukwa vutoli si la pamenepo pokha.

Pamalopo amacheka paini wochokera ku mapiri a kum'mawa, cha ku Nyanga ndi Chimanimani, n'kumagulitsa kwa akalipentala a ku Glen View ndi ku Mbare. Mwana wa mlongo wanga amagwira pa macheka ozungulira a patebulo, aja ong'amba thabwa m'litali. Tsiku limenelo magetsi anathima cha m'ma 10 koloko m'mawa, thabwa lili pakati pa macheka. Akapitawo, bambo wachikulire wochokera kwathu komwe ku Malawi, munthu wodziwa ntchito ndithu koma wosafuna kuuzidwa, anafuula monga mwa nthawi zonse kuti pasapezeke wokhala pansi, aliyense asese makina ake. Mnyamatayo anasolola thabwa lija, anatsegula kachitseko ka pansi pa tebulo, nagwada n'kuyamba kukokolola utuchi ndi dzanja. Panali kachibanthu kena katakanirira pakati pa mano a macheka ndi tebulo. Kanakana kutuluka ndi zala, ndiye anatulutsa dzanja, natola kamtengo kuti akatokose. Kamtengoko katangokhudza mano, mababu a kudenga anayaka, mota n'kulira. Kamtengo kanadulidwa pakati, chidutswa chake n'kukamenya malata, ndipo mano anang'amba mkono wa ovolosi pafupi ndi batani la pamkono. Khungu silinakhudzidwe.

Macheka amenewo ndimawanola ine, ndiye ndikuuzeni kukula kwa zimene zinamuphonya. Ndi a mamilimita 450 m'mimba mwake, ndipo amazungulira pafupifupi ka 2,000 pa mphindi imodzi. Mukawerengera, dzino lililonse limathamanga mamita pafupifupi 47 pa sekondi. Munthu asanazindikire n'komwe kuti kwayaka magetsi, mano angapo amakhala atadutsa kale pamene panali dzanja lake. Mnyamatayo sanapulumuke chifukwa chochenjera kapena kufulumira. Kachibanthu kaja kakanakhala kofewa pang'ono, akanapitiriza ndi zala.

Akapitawo atafika pamalopo anayang'ana dzanja, nayang'ana ovolosi, n'kuti, “Iwe, magazi ali kuti? Dzuka, matabwa akudikira.” Kenako anatambasula manja awo onse awiri kuti aliyense aone, n'kumati zaka zonse zimene agwira pa macheka zala zawo zikadali khumi, wodulidwa ndi wogona. Mawu amenewa mwawamvapo nonse, ndipo ena mwa inu mwawanenapo. Masana amenewo mnyamatayo anacheka mpaka kuweruka manja akunjenjemera, ndipo m'buku lililonse la pakampanipo simunalembedwe kanthu.

Tsono chimene chinalakwika n'chiyani? Makina otere amayenera kuyatsidwa ndi sitata, kabokosi kaja kokhala ndi batani lobiriwira ndi lofiira. M'kati mwake muli koyilo imene imasanduka maginito magetsi akalowamo. Mukadina lobiriwira, maginitowo amakoka tizitsulo n'kulumikiza magetsi ku mota, ndipo amakhala akugwirabe ngakhale mwachotsa chala. Magetsi akathima, maginito amatha mphamvu, sipuling'i n'kukankha tizitsulo tija kubwerera. Magetsi akabweranso mota siingalire mpaka munthu atadina lobiriwira kachiwiri. Ndiyo ntchito yake yaikulu kabokosiko, ndipo mumzinda umene magetsi amathima ndi kubwera osalengeza, palibe chinthu china pa makinapo chofunika kuposa chimenechi.

Koyilo ya pa macheka aja inapsa miyezi ingapo m'mbuyomo, monga zimachitikira magetsi akamabwera ofooka, tizitsulo n'kumangonjenjemera osagwira bwino. Galimoto ya kasitomala inali pageti, ndipo wamagetsi akanabwera mawa lake. Ndiye kabokosi kanatsegulidwa, kathabwa kakang'ono n'kupanikizidwamo kuti tizitsulo tikhale togundana nthawi zonse. Kuyambira tsiku limenelo macheka ankayatsidwa ndi kuthimitsidwa pa swichi yaikulu ya pakhoma. Ntchito inkayenda, ndipo mawa lija silinafike. Choipa chake n'chakuti magetsi akathima okha, macheka amaima, fakitale yonse imati zii, ndipo palibe amene amakumbukira kuyenda mpaka kukhoma kukathimitsa chinthu chimene chaima kale.

Madzulo mnyamatayo anabwera kwathu ku Mufakose ndi ovolosi ija m'pepala. “Amalume, ine mawa sindipitako,” anatero. Ndinamuuza kuti tipite limodzi, popeza linali tsiku langa lokapereka macheka onola. Sindinapite kukakangana. Akapitawo aja ndi aakulu kwa ine, timakumana kumaliro a anthu akwathu, ndipo munthu wotere ukamudzudzula pamaso pa anyamata ake amaumirira ngakhale akuona kuti walakwa. Ndinadikira anthu atapita kukadya, n'kuti, “Achimwene, tandithandizani. Tiyeni tiyatse makina onse popanda thabwa, aliyense atalikire, kenako inu nokha mukathimitse swichi ya fakitale yonse, mudikire aime, n'kuyatsanso. Tione amene adzuke okha.” Anaseka, n'kunena kuti ndikufuna kuwaphunzitsa makina awo omwe, koma anapita.

Pa makina asanu ndi limodzi, atatu anadzuka okha. Za macheka a patebulo ankazidziwa, popeza kathabwa kaja anavomereza ndi iwowo. Enawo sankawadziwa. Ena anali macheka odula mopingasa, amene wamagetsi wina kalekale anangolumikiza mawaya molambalala sitata. Achitatu anali makina opala matabwa, amene tizitsulo take tinali titamatirirana chifukwa cha kupsa, moti kunja kabokosi kankaoneka kabwinobwino, ndipo amene amagwirapo anali atazolowera kuthimitsira pakhoma osanena kanthu. Makina opalawo ndi amene akapitawo salola munthu wina kusintha mipeni yake. Amasintha okha, ndipo amakonda kutero magetsi akathima kuti asataye nthawi, manja onse awiri ali pa chigubu chogwira mipeni, sipanala ili pa bawuti, mabawuti ena atamasula kale. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana makinawo akulira opanda munthu. Kenako anangoti, “Lachiwiri lapitali ndinali m'menemu.”

Akapitawo sanapepese kwa mnyamatayo, ndipo mpaka lero sanapepese. Koma m'mawa mwake anabwera ndi maloko atsopano m'thumba la pulasitiki, ogula ndi ndalama zawo, ndipo woyamba kupatsidwa anali iyeyo.

Zimene zasintha pamalopo si zambiri, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna muzimve bwino. Magetsi akathima, chinthu choyamba si tsache ayi. Aliyense amadina batani lofiira la makina ake, n'kupita kukhoma kukathimitsa swichi ya makinawo, akapitawo n'kuzungulira kuona swichi iliyonse ndi maso. Amene akufuna kulowetsa dzanja m'makina, kaya kuchotsa utuchi, kusintha macheka kapena kukunga lamba, amakhoma loko wake pa swichiyo, kiyi n'kuika m'thumba lake, osati pamsomali. Loko aliyense ali ndi kiyi mmodzi ndi dzina la mwini wake. Akakhala awiri pa makina amodzi, maloko amakhalanso awiri, kuti woyamba kumaliza asayatse mnzake akadali pansi pa tebulo. Akakhoma amadikira macheka aimiretu, chifukwa macheka aakulu opanda buleki amazungulirabe kwa kanthawi mota itathima, ndipo akamayandikira kuima samveka phokoso, mano okha ndi amene amaoneka mbuu. Pomaliza amadina batani lobiriwira kuti atsimikize kuti swichi imene wakhoma ndi ya makina amenewa. Apa pali msampha umene ambiri amauiwala: kudina kumeneku kumatsimikiza kanthu pokhapokha ngati magetsi alipo m'fakitale. Magetsi atathima, makina aliwonse amaoneka omvera. N'chifukwa chake swichi iliyonse analembapo nambala ndi penti, nambala yomweyo n'kuilembanso pa makina ake, atayesa imodzi imodzi tsiku limene magetsi analipo. Poyesapo anapeza kuti swichi ina inkadyetsa makina awiri.

Jenereta nayo inali ndi vuto lake. Ili kuseri kwa nyumba, ndipo woyatsayo saona amene ali m'kati. Tsopano sasinthira ku jenereta asanamve kwa akapitawo pakamwa kuti onse achoka pa makina, ndipo pamalira wezulo kaye.

M'mawa uliwonse asanayambe amatenga mphindi khumi. Amazungulira makina, kuona zotchingira macheka, kuyesa batani lofiira, kenako akapitawo amafunsa ngati dzulo panali chinthu chimene chinatsala pang'ono kuvulaza munthu. Sabata yoyamba palibe anayankha, ndipo sindiwadabwa anyamatawo, poti kale wonena zotere ankatchedwa waulesi kapena wamantha. Chinatsegula pakamwa ndi tsiku limene akapitawo eni ake anafotokoza za mipeni ija pamaso pa onse. Kuyambira pamenepo kabuku ka pakhoma kanayamba kudzaza, ndipo zolembedwamo zinaonetsa ngozi ina imene loko sangaletse.

Ngoziyo ndi thabwa kubwerera kwa wokankha. Paini amene sanaume bwino, kapena bulugamu amene amapotoka akamang'ambidwa, amatseka mpata umene macheka adula n'kupana mano a kumbuyo. Mano a kumbuyowo amakwera m'mwamba, ndiye amanyamula thabwa n'kuliponya kwa munthu, pamimba kapena pachifuwa. Choletsa zimenezi ndi kachitsulo kokhota konga mpeni kamene kamaima kumbuyo kwa macheka kuti mpata usatsekeke. Kayenera kuima pamzere umodzi ndi macheka, kutalikirana ndi mano osapitirira mamilimita 8, kakhale konenepa kuposa thupi la macheka koma kocheperako poyerekeza ndi mpata umene mano amadula. Pa fakitale ija kanali m'kabati ya zida kwa zaka, akuti kamachedwetsa posintha macheka. Zizindikiro zake zinalipo kale, kungoti palibe ankaziwerenga: m'mbali mwa matabwa muli mizere yakuda yopserera, mota ikusintha kaliridwe pakati pa thabwa, wokankha akuchita kutsamira ndi mimba. Macheka akabwera kwa ine ali ndi mawanga abuluu m'mbali, ndimadziwa kuti akhala akupanidwa kapena agwiritsidwa ntchito atabuntha, ngakhale sindinapondeko pa fakitalepo. Kachitsuloko kabwezeredwa, ndipo pa tebulo pamakhala kamtengo kokankhira ka mamilimita 450 kuti dzanja lisayandikire macheka pa mamilimita 300 omaliza a thabwa.

Mwina mukuti nkhaniyi yatha bwino, nanga ndikudandaula chiyani. Ndikudandaula kuti zonsezi zaima pa munthu mmodzi amene anachita mantha tsiku lina. Maloko anagula ndi kapitawo. Sitata imodzi mwa zitatu zija inatenga milungu kuti ndalama yake ituluke ku ofesi, makinawo akugwirabe ntchito. Chiwerengero cha matabwa a patsiku sichinatsike ndi limodzi lomwe, kotero mphindi khumi za m'mawa anyamata amazibweza pothamanga masana, nthawi imene thupi latopa. Ambiri mwa iwo ndi aganyu kapena olipidwa molingana ndi matabwa amene acheka, ndipo munthu wotere mukamuuza kuti aime akhome loko, mwamuuza kuti alipire chitetezo chake ndi ndiwo za ana ake. Kapitawo ameneyu akapuma ntchito, kapena akakangana ndi ofesi n'kuchoka, kathabwa kaja kabwerera m'kabokosi sabata yomweyo. Ndipo m'mafakitale ena amene ndimapereka macheka ndimaona timabokosi totsegula, mawaya ali panja, utuchi utadzaza m'kati. Pena sindichita kufunsa.

Malamulo alipo. Pali lamulo la mafakitale, palinso lamulo nambala 68 la 1990 loona za kupewa ngozi ndi chipukuta misozi cha ovulala pantchito, ndipo bungwe la NSSA ndilo limayang'anira zimenezi. Koma woyendera mafakitale amabwera tsiku limodzi, pamene magetsi amathima osasankha tsiku. Ndipo chipukuta misozi chimaperekedwa dzanja litapita kale.

Choncho ndikupempha izi, ndipo ndazilemba m'manambala kuti ogwira ntchito athe kukufunsani kuti mwafika pati.

1. Sabata ino yesani makina onse monga tinachitira ife: popanda thabwa, anthu atatalikira, zotchingira zili m'malo, thimitsani swichi ya fakitale yonse n'kuyatsanso. Amene adzuke okha aimitsidwe tsiku lomwelo mpaka wamagetsi wodziwa ntchito atawakonza. Muzibwereza mwezi uliwonse, komanso nthawi iliyonse imene sitata yatsegulidwa, chifukwa tizitsulo tomatirirana sitioneka kunja. Yesaninso muli pa jenereta.

2. Sungani koyilo ndi sitata zapadera m'sitolo ya kampani. Kathabwa kaja sikanaikidwe ndi munthu woipa mtima, kanaikidwa ndi munthu amene anali ndi galimoto pageti, bwana pafoni, ndipo analibe china choikapo. Mtengo wa koyilo mukuudziwa inu kuposa ine, ndipo mukudziwanso kuti suposa phindu la matabwa a galimoto imodzi.

3. Gulirani aliyense wogwira pa makina loko wake, ndi ndalama za kampani, aganyu omwe. Swichi zimene zilibe bowo lokhomapo loko zisinthidwe. Mulembenso chochita kiyi akatayika kapena munthu akaweruka ataiwala loko wake: asadule loko wina aliyense koma kapitawo yekha, atamupeza mwini wake pafoni kapena pamaso n'kutsimikiza kuti sali pa makinapo.

4. Nthawi yoyendera makina m'mawa ndi nthawi yokhoma loko ziwerengedwe ngati ntchito yolipidwa, ndipo chiwerengero cha patsiku chitsike molingana. Pempho ili ndi limene ndikudziwa kuti likuwawani, koma popanda ilo ena onsewa agwira mwezi umodzi wokha.

5. Bwezerani zotchingira ndi kachitsulo ka kumbuyo kwa macheka. Ngati kamachedwetsa posintha macheka, konzani mabawuti ake.

6. Pakhale buku lolembamo ngozi zimene zaphonya munthu, ndipo wolembamo asadulidwe malipiro, asanyozedwe, kapena kuuzidwa Lolemba kuti ganyu yatha. Inu mabwana muziliwerenga nokha, n'kulemba pambali chimene mwachita ndi tsiku lake. Malangizo a pakhoma akhale m'Chishona, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, pakuti si onse amene amamva chenjezo m'chilankhulo chimene munalembera kalata ya ntchito.

Kwa inu akapitawo anzanga ndi akulu anga, palibe amene akukana kuti mumaidziwa ntchito. Ndinu amene mumamva ndi khutu kuti macheka abuntha anyamata asanaone. Chimene ndikupempha n'chakuti mukathimitse swichi yaikulu ija ndi dzanja lanu, osatuma munthu, muime pomwepo muone. Ndipo inu anyamata amene mukuwerenga kalatayi pafoni, ionetseni kwa kapitawo wanu pa awiri, osati pagulu, n'kumupempha kuti muyese limodzi pa nthawi ya nkhomaliro. Kuyesako sikutha mphindi makumi awiri. Akakana, lembani tsiku, nambala ya makina ndi zimene mwaona, mukapereke ku komiti ya ogwira ntchito kapena ku ofesi ya NSSA, ndipo kufikira atakonza musalowetse dzanja m'makina amene swichi yake simunathimitse nokha.

Ine wanu mwaulemu,
Wonola macheka wa ku Mufakose, Harare